Mwana wonena lamulo bwinobwino koma n'kuliphwanya: mafunso ndi mayankho okhudza FASD m'kalasi

Mafunso awa ndi amene aphunzitsi anzanga amandifunsa kawirikawiri tikamakambirana za ana amene ubongo wawo unakhudzidwa ndi mowa ali m'mimba. Poyankha ndizibwerera kwa mnyamata mmodzi amene ndinamuphunzitsa mu sitandade 3 ali ndi zaka 10. Dzina lake ndi la sukulu yake sinditchula.

Kodi FASD ndi chiyani, nanga mowa womwa mayi umamupweteka bwanji mwana?

FASD ndi dzina limene madokotala amatchulira mavuto onse amene munthu amabadwa nawo chifukwa chakuti mayi ake ankamwa mowa ali ndi pathupi. Mayi akamwa, mowa umalowa m'magazi n'kufika kwa mwana kudzera mumchombo. Chiwindi cha mwanayo chimakhala chisanakhwime moti n'kuchotsa mowa m'thupi, choncho mowawo umakhalitsa pamene ubongo ukupangika. Ubongo umakula miyezi yonse 9, n'chifukwa chake palibe mwezi umene tinganene kuti uno kumwa kulibe vuto. Mtundu wa mowa si nkhani: kachasu, masese, wa m'botolo kapena vinyo, chowononga n'chimodzi. Choopsa kwambiri ndi kumwa wambiri nthawi imodzi.

Dokotala wa ana wa ku France, Paul Lemoine, analemba za ana 127 otere mu 1968, koma dziko silinamve. Vutoli linadziwika mu 1973, Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle m'dziko la America atalilemba n'kulipatsa dzina lake loyamba. Kafukufuku wa mu 2017 wophatikiza zopezeka m'mayiko ambiri anayerekeza kuti pa ana 1,000 alionse padziko, pafupifupi 8 ali ndi vutoli, ndipo ku South Africa ndi ana 111 pa 1,000 alionse, kuposa dziko lina lililonse. Kumeneko mbiri yake ikukhudzana ndi minda ya mphesa ya ku Western Cape, kumene kwa zaka zambiri antchito ankapatsidwa vinyo ngati mbali ya malipiro awo.

Ndinamva kuti ana amenewa amadziwika ndi nkhope. Ndiyang'ane chiyani?

Musayang'ane nkhope. Zizindikiro zilipodi zitatu: maso aafupi kuchoka pangodya ina kufika pangodya inzake, kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo kosaoneka bwino, ndi mlomo wapamwamba wopyapyala. Koma zimenezi zimachitika mowa ukamufika mwana m'masabata oyambirira a mimba, nthawi imene nkhope ikupangika, mwinanso mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Ana ambiri amene ali ndi FASD nkhope zawo zili ngati za anzawo onse, chikhalirecho ubongo wawo unavulala chimodzimodzi. Komanso madokotala amachita kuyeza maso ndi mlomo ndi zipangizo, sangoyang'ana. Mphunzitsi akayamba kuyang'anitsitsa milomo ya ana adzanamizira ana abwinobwino, n'kuphonya amene akufunikadi thandizo.

Ndiye m'kalasi ndingamuzindikire bwanji?

Chizindikiro chachikulu ndi kusiyana kwa zimene mwana amalankhula ndi zimene amatha kuchita. Mnyamata wanga uja anali wochezeka kuposa onse. Mlendo akafika ndiye ankayamba kupereka moni, mogwada bwinobwino, n'kufunsa za kumene achokera. Aliyense ankati uyu ndi wochenjera. Koma ndikanena kuti, "Tulutsani makope a masamu, mulembe tsiku, kenako mukope ntchito ili pabolodiyi," iye ankatulutsa kope n'kuima pomwepo. Pakapita mphindi ziwiri wayamba kutola cholembera cha mnzake. Ndinkamufunsa kuti, "Iwe, wamva zimene ndanena?" Iye ankati, "Eya aphunzitsi." Sankanama. Mawu anawamva, koma pa malangizo atatu aja mutu wake unasunga loyamba lokha.

Pali zinthu zingapo zimene zimayendera limodzi mwa ana otere, ngakhale si mwana aliyense amene amakhala nazo zonse. Amachedwa kumvetsa mawu olankhulidwa, moti mukafunsa funso amayankha anzake atapita kale pafunso lachitatu. Amachita chinthu asanaganize. Sagwirizanitsa chochita ndi zotsatira zake, choncho amalakwa cholakwa chomwecho lero, mawa ndi mkucha, ngakhale atalangidwa masiku onsewo. Zinthu zosaoneka ndi maso zimawavuta kwambiri: nthawi, mtengo wa ndalama, umwini wa chinthu. Kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina kumawasokoneza, ndipo phokoso kapena kukhudzidwa mwadzidzidzi kumawakwiyitsa mopyola muyezo.

China chimene aphunzitsi amachiona msanga akangouzidwa ndi msinkhu wa maganizo. Mnyamata uja pa buleki sankasewera ndi anzake a zaka 10. Ankapita kwa ana a sitandade 1, ndipo kumeneko ankasangalala, opanda ndewu. Polankhula anali wa zaka 10 kapena kuposa, powerenga wa zaka 8, koma pa kudikira, kudziletsa ndi kusewera ndi anzake anali ngati wa zaka 5 kapena 6. Amene amagwira ntchito ndi ana otere amakonda kunena kuti pa nkhani ya makhalidwe muziyerekeza theka la zaka zake. Si muyezo wa kuchipatala, ndi njira chabe yothandiza mphunzitsi kufunsa kuti: mwana wa zaka 5 atachita zimenezi, ndikanamulanga kapena ndikanamugwira dzanja?

Ambiri mwa ana amenewa alibe ulumali wa nzeru monga momwe mayeso a akatswiri amaupimira. N'chifukwa chake amadutsa osaoneka, n'kupatsidwa mayina ena: waulesi, wamwano, wosamva, mbava.

Koma lamulo amalidziwa. Ndikamufunsa amalinena lonse. Kodi umenewu si mwano?

Apa ndi pamene ambirife timagwa, ndipo ine ndinagwapo kwa teremu yathunthu. Kunena lamulo ndi ntchito ina ya ubongo, kulikumbukira pa nthawi imene likufunika n'kudziletsa ndi ntchito inanso. Yoyamba ana otere amaichita bwino, poti n'kubwereza mawu. Yachiwiri imadalira mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imakonza zochita ndi kuletsa thupi, ndipo mbali imeneyi mowa umaivulaza kwambiri.

Mnyamata uja ankanena momveka kuti, "Sitithamanga pokalandira phala, timaima pamzere." Belu likangolira, iye ali kale pamphika, atagwetsa awiri m'njira. Ndikamuitana ankabwera akumwetulira, n'kunenanso lamulo lija osalakwitsa liwu. Ine ndinkaona ngati akundiseka.

Njira yosiyanitsira ilipo. Mwana wamwano amasankha: amaphwanya lamulo pamene mphunzitsi palibe, amabisa, ndipo chilango chikakula amasintha. Mwana amene sangathe amaphwanya lamulo pamaso panu penipeni, sabisa, amadabwa mukakwiya, ndipo chilango chikakula khalidwe limakhala lomwelo, chimene chimakula ndi mantha ndi mkwiyo basi. Ngati mwalanga chinthu chimodzi kasanu ndipo palibe chasintha, lekani kuwonjezera chilango, yambani kufufuza.

Palinso vuto la kusamutsa lamulo. Mwana angaphunzire kuti sathamanga pokalandira phala, koma osadziwa kuti lamulo lomwelo likugwiranso ntchito popita ku asembule. Kwa iye awa ndi malo awiri, malamulo awiri. Lamulo liyenera kuphunzitsidwa pamalo pomwe lidzagwire ntchito, poyenda naye pamzerepo, osati pokhala pansi mu ofesi ya ahedi.

Nanga bodza ndi kuba? Zimenezi makolo a ana ena sangazilekerere.

Sangazilekerere, ndipo ife sitiyenera kuzilekerera. Koma tiyenera kudziwa chimene tikulimbana nacho.

Ubongo umene sukumbukira bwino umadzaza mipata. Mukafunsa mwana wotere kuti, "Chachitika n'chiyani?" ndipo iye sakukumbukira ndondomeko yake, amatola zidutswa za zimene anaona dzulo, zimene anamva pa wailesi ndi zimene akuganiza kuti inu mukufuna kumva, n'kupanga nkhani. Iye mwini amaikhulupirira. Mudzaidziwa chifukwa nthawi zambiri nkhaniyo simupindulira chilichonse, ndipo mukamufunsanso madzulo yasintha. Kumupanikiza kuti aulule kumangobala nkhani yachitatu. Choopsa n'chakuti ana otere amavomera milandu imene sanapalamule, pofuna kuti mafunso athe. Choncho musafunse kuti "chifukwa chiyani". Nenani chimene mwaona ndi maso anu: "Kope ili lang'ambika. Tiyeni tilimate."

Pa kuba, umwini ndi chinthu chosaoneka. Cholembera chili m'manja mwa mnzake ndi cha mnzakeyo, izi amazimva. Cholembera chili padesiki, mwini wake atatuluka, kwa iye chilibe mwini. Ine ndinamanga ulusi wofiira pa zinthu zonse za mnyamata uja: cholembera, rula, kapu ya phala ndi chikwama. Lamulo linali lalifupi: cha ulusi wofiira ndi chako, china chilichonse funsa. Poweruka tinkatsegula chikwama limodzi, pambali, tsiku lililonse, kaya chasowa chinthu kaya ayi, kuti chikhale chizolowezi osati chipikisheni. Chopezeka chopanda ulusi chinkabwezedwa kwa mwini wake popanda mlandu. Kutola sikunatheretu, koma kunasiya kufika kwa makolo, ndipo dzina la mbava linayamba kuzilala.

Dzulo anakhoza masamu onse, lero akuti sanawaonepo. Akundiyesa?

Ayi. Kukumbukira kwa ana otere kumabwera n'kupita. Tsiku limene wagona bwino, wadya, ndipo m'kalasi muli bata, amatha kutulutsa zimene anaphunzira. Tsiku lina zomwezo zili m'mutu koma njira yozitulutsira yatsekeka. Tsiku labwino lija ndi limene limamugulitsa, chifukwa mphunzitsi amati, "Ndinaona ndi maso anga kuti amatha."

Masamu ndiwo amawavuta kuposa kuwerenga. Mwana angaloweze kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 12 koma osamva kuti 12 ndi wamkulu bwanji poyerekeza ndi 7. Musamulande timiyala, zitsekerero za mabotolo kapena timitengo tomanga m'magulu a 10 chifukwa choti anzake anasiya kuzigwiritsa ntchito. Mulembereni chitsanzo chimodzi chathunthu pamwamba pa tsamba kuti aziyang'anapo. Powerenga, mudzapeza kuti amatchula mawu bwino koma mukafunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani, palibe. Muyeseni pa kumvetsa, osati pa katchulidwe.

Kodi ine mphunzitsi ndinganene kuti mwana uyu ali ndi FASD?

Ayi. Kupeza vutoli ndi ntchito ya madokotala ndi akatswiri oyeza kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndipo pamafunika umboni woti mayi ankamwadi ali ndi pathupi, kupatula ngati zizindikiro zonse zitatu za nkhope zilipo. Mawu oti FASD musawalembe mu rejisitala kapena pa lipoti ngati dokotala sanawanene.

Kuno kwathu pali zinthu zambiri zimene zimabala makhalidwe ofanana ndi amenewa, ndipo zina zimachizika. Mwana amene anadwala malungo a mu ubongo amatha kutsala ndi vuto losakhazikika ndi kuiwala. Amene anabanika pobadwa, amene ananyentchera ali wakhanda, kapena amene anadwala matenda oumitsa khosi, chimodzimodzi. Pali mtundu wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, kenako n'kupitiriza osadziwa kuti waphonya mawu. Mwana wotuluka mafinya m'khutu samva bwino malangizo. Wanjala, wosowa magazi, wogona mochedwa chifukwa cha ntchito, woferedwa kapena wochitidwa nkhanza, onsewa sakhazikika. Choncho choyamba n'kupempha makolo kuti apite naye kuchipatala akamuone makutu, maso ndi magazi, atatenga buku lake la kuchipatala.

Chotonthoza mtima n'chakuti dongosolo la m'kalasi silidikira dzina la vuto. Zimene ndikufotokoza m'munsimu zimathandizanso mwana wa malungo a mu ubongo, ndipo sizipweteka mwana aliyense.

Ndiwafunse mayi ake ngati ankamwa?

Musawafunse funso limenelo. Amayi ambiri ankamwa asanadziwe kuti ali ndi pathupi, ena palibe anawauza za kuopsa kwake, ena ankamwa pothawa mavuto a m'banja. Funso lotere likachokera kwa mphunzitsi limamveka ngati mlandu, ndipo m'mudzi nkhani siichedwa kuwanda. Mukhoza kutaya mayiyo, ndipo mwana n'kusiya sukulu.

Mnyamata uja ankaleredwa ndi agogo ake. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, kunyumba mukamutuma amatani? Chimene chimathandiza n'chiyani?" Iwo anaseka n'kuti, "Aphunzitsi, ameneyo mukamutuma mchere ndi machesi amabwera ndi chimodzi. Ine ndimamutuma kawiri." Dongosolo langa lonse linayambira pa mawu amenewo. Za mowa anadzazinena okha patapita miyezi, atandizolowera, ndipo anakazinenanso kuchipatala, kumene dokotala wa ana anati n'kutheka kwambiri kuti gwero ndi limenelo. Nkhani imeneyo inathera pa ine ndi ahedi.

Dongosolo lothandizira mwana ndiliyambe bwanji?

Yambani ndi kulemba, musanasinthe kalikonse. Tengani kope, mulembe mizere inayi: nthawi, chimene chinkachitika vuto lisanayambe, chimene mwana anachita, ndi chimene chinatsatira. Lembani masiku 10 a sukulu. Lembani zooneka, monga "anakankha mnzake pakhomo", osati "anachita mwano".

Ine nditachita zimenezi ndinapeza zochitika 14. Mumtima ndinkati mwanayu amavuta tsiku lonse, koma kope linanena zina. Zochitika 8 zinali m'mphindi 10 zoyambirira pochokera ku buleki. Zina 4 zinali pa nthawi yokopera za pabolodi. Ziwiri zotsala zinali pamzere wa phala. M'phunziro la nyimbo ndi la kudimba munalibe ngakhale chimodzi. Apa ndinaona kuti sindikulimbana ndi mwana wovuta, koma ndi nthawi zitatu zovuta.

Kenako sankhani zolinga ziwiri zokha, zoti mukhoza kuziwerenga. Zanga zinali izi: alowe m'kalasi pochokera ku buleki n'kukhala pamalo pake osakhudza munthu, komanso amalize masamu 4 pa phunziro lililonse.

Pa cholinga choyamba, vuto linali pakhomo, pamene ana ambirimbiri amapanikizana, akukuwa, akukhudzana. Ndinamupatsa ntchito. Kutatsala mphindi 3 kuti belu lilire, mtsikana wina wodekha wa m'kalasi momwemo ankamuitana, ndipo ankalowa limodzi anzawo asanabwere. Iye ankafufuta bolodi, n'kukhala pansi. Kufufuta bolodi kumagwiritsa ntchito mikono ndi mapewa, ndipo kunkamutsitsa mtima. Malo ake ndinawasintha: kutsogolo, m'mbali mwa khoma, kutali ndi khomo ndi zenera, pamene dzanja langa limafika. Popeza ana ankakhala pansi, ndinamuyalira thumba lakelake, kuti malire a malo ake azioneka ndi maso.

Pa cholinga chachiwiri, ndinasiya kumukopetsa za pabolodi. Kukopa kumafuna kuti mwana ayang'ane kutali, asunge nambala m'mutu, ayang'ane pansi, apeze pamene analekezera, n'kulemba. Iye ankasochera pakati pa njira imeneyi. Ndinkamulembera masamu 4 m'kope lake m'mawa, otalikirana, n'kuphimba atatu ndi kapepala kuti aziona amodzi okha. Akamaliza awiri ankadzuka kukandisonyeza, ndipo kuyendako kunali kupuma kwake.

Kalankhulidwe kanga ndi kamene kanandivuta kusintha. Ndinkayamba ndi dzina lake, n'kudikira andiyang'ane. Kenako langizo limodzi, mawu ochepa: "Tsegula kope." Ndiye n'kuwerenga chamumtima mpaka 10 ndisanalankhulenso. Masekondi 10 ndi aatali kwambiri ukaima patsogolo pa kalasi, yesani muone. Pobwereza ndinkanena mawu omwewo, chifukwa ukasintha mawu ubongo wake umayambiranso poyamba. Ndinasiya kunena zoti "khala bwino" kapena "usachite zopusa", poti sizinena chochita. Ndinkati, "Manja pamiyendo." Ndinasiyanso kufunsa kuti "wamva?" M'malo mwake ndinkati, "Ndionetse chimene uyambe kuchita." Miyambi ndi mawu okuluwika, ngakhale timazikonda, kwa iye zinali phokoso.

Zonsezi zinakwana tsamba limodzi: zimene amatha, nthawi zimene zimamuvuta, zolinga ziwiri, chimene aliyense achite, ndi tsiku lodzaunikanso. Tsambalo ndinawawerengera agogo, ndipo ahedi ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera wa m'zoni yathu analiona. Ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wotere, monga amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, muitaneni kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu. Patapita masabata 6 ndinalembanso masiku 10, ndipo zochitika zinatsika kuchoka pa 14 kufika pa 5.

Ine ndili ndi ana oposa 90. Nthawi yochitira zonsezi ndiipeza kuti?

Zambiri mwa izi sizidya nthawi, zimabweza nthawi imene munkathera pa milandu. Ndipo zina muzichitire kalasi yonse. Jambulani ndondomeko ya tsiku pakona pa bolodi ndi tizithunzi: buku, manambala, kapu, mpira. Phunziro likatha, fufutani kachithunzi kake onse akuona. Chenjezani musanasinthe ntchito, ndi kanyimbo komweko tsiku lililonse. Mu 1997 Deb Evensen ndi Jan Lutke, amene anagwira ntchito ndi ana otere ku Alaska ndi ku Canada, anandandalika mfundo 8 zophunzitsira, ndipo mtima wake ndi womwewu: zinthu zogwirika, mawu ochepa, kubwereza, chizolowezi chosasintha ndi kuyang'anira.

Chenjezo limodzi pa mnzake womuthandiza. Akhale wokumbutsa, osati wapolisi, ndipo muzisinthana ana awiri kapena atatu kuti wina asatope. Kuyang'anira pa buleki kukhale kwa munthu wamkulu, chifukwa ana otere amakhulupirira aliyense. Anyamata akuluakulu amawatuma kukaba nzimbe kapena kugenda, ndipo wogwidwa amakhala iye yekha.

Akalusa, kukuwa kapena kugenda zinthu, nditani? Nanga chilango chilibe malo?

Pa nthawi yolusayo mawu salowa. Chotsani ana ena pafupi, tsitsani mawu, musamugwire pokhapokha ngati wina avulala, ndipo musafunse mafunso. Mukhale ndi malo opumira amene munagwirizana naye kale tsiku labwino, monga pakhonde pamene mukumuona. Malowo asakhale a chilango, apo ayi sadzapitako yekha. Phunzirani zizindikiro zake zoyambirira. Mnyamata uja ankayamba kutafuna kolala ya yunifolomu ndi kugwedeza mwendo. Ndikaona zimenezo ndinkamutuma kukapereka choko ku kalasi yoyandikana nayo, ngakhale chokocho sichinkafunika kumeneko. Mphunzitsi mnzangayo ankadziwa, ankangolandira n'kuthokoza.

Akadekha, konzani cholakwacho nthawi yomweyo ndiponso mogwirizana ndi chimene chachitika: watayira madzi, akolope, wagwetsa mnzake, amuthandize kutola mabuku. Kenako yesererani pamalo pomwepo chimene achite ulendo wina. Chilango chochedwa, monga kulima Lachisanu chifukwa cha cholakwa cha Lolemba, kwa iye ndi nkhanza zopanda chifukwa, poti ulusi wolumikiza masiku awiriwo unaduka. Kumukwapula, kuwonjezera pa kuletsedwa m'sukulu zathu, kumamuphunzitsa kumenya. Kumumana buleki kumakulangani inu nomwe, chifukwa thupi losathamanga lidzathamangira m'kalasi. Mphotho za kumapeto kwa sabata nazo sizigwira. Chimene chimagwira ndi kuyamika pompopompo, motchula chinthucho: "Walowa mwakachetechete, wachita bwino."

Ndidziwa bwanji kuti dongosolo silikuyenda?

Kope lija ndilo limanena. Perekani masabata 4 mpaka 6 musanaweruze, pokhapokha ngati zinthu zikuipiraipira. Ngati nambala sikutsika, funsani kaye ngati dongosololo likutsatidwa tsiku lililonse ndi aliyense, chifukwa nthawi zambiri ndi ife akuluakulu amene timalekeza. Ngati vuto lasamukira pa nthawi ina, lembaninso. Ngati mwana wasintha mwadzidzidzi, funsani za tulo, njala, matenda kapena zochitika kunyumba. Ana otere ambiri amavutika kugona.

Cholakwa changa chachikulu chinali ichi. Zinthu zitayenda bwino ndinati mwana waphunzira, ndipo ndinasiya kumulowetsa msanga pochokera ku buleki. Pa tsiku lachitatu anamenyana pakhomo pomwe paja. Thandizo lija silinali mankhwala oti akachira asiye. Linali ngati magalasi a maso: mwana akuona chifukwa wavala. Ngati mukufuna kuchepetsa thandizo, chotsani kamodzi kokha, pang'onopang'ono, ndipo mukaona kuti zabwerera mukabwezeretse msanga popanda kumudzudzula. Pambuyo pa holide yembekezerani kuyambiranso pafupifupi zonse.

Kodi akakula zidzatha? Pali mankhwala?

Kuvulala kwa ubongoku n'kwa moyo wonse, ndipo palibe mankhwala ochiza. Dokotala angapereke mankhwala a zinthu zina zobwera nalo, monga khunyu kapena kusakhazikika kopyola muyezo, koma mankhwala a kusakhazikika sagwira mofanana mwa ana onse otere. Mwanayo amaphunzira ndithu, pang'onopang'ono, ndipo ambiri amachita bwino pa ntchito za manja, nyimbo, masewera, ulimi ndi kusamalira ziweto.

Chimene chingapewedwe ndi mavuto obwera pambuyo. Mu 1996 Ann Streissguth ndi anzake a ku yunivesite ya Washington anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 415 a vutoli. Mwa amene anali ndi zaka 12 kapena kuposa, pafupifupi 60 pa 100 alionse anali ataimitsidwapo, kuchotsedwa kapena kusiya sukulu. Amene zinawayendera bwinoko anali amene vuto lawo linadziwika asanakwane zaka 6, amene anakulira pakhomo lokhazikika, ndi amene sanachitidwe nkhanza.

Pasukulu, nthawi zoopsa ndi zosinthira kalasi. Kwathu kuno sitandade 5 ndi phiri, chifukwa maphunziro amayamba kuperekedwa m'Chingerezi, aphunzitsi amachuluka, ndipo aliyense amabwera ndi malamulo ake. Kubwereza kalasi popanda kusintha kaphunzitsidwe kumangomukulitsa pakati pa ana aang'ono. Mnyamata uja asanapite mu sitandade 4, sabata yomaliza ya teremu ndinapita naye m'kalasi yatsopanoyo katatu kulibe ana. Anaona pamene adzakhale, anayala thumba lake, n'kupereka moni kwa mphunzitsi wake watsopano. Mphunzitsiyo ndinamusiyira tsamba lija, kope la zochitika ndi mpukutu wa ulusi wofiira.